Mmene kalata yofunsira ntchito ikonzedwera kuti ifike patebulo la bwana

Kampani ikalengeza m'nyuzipepala kuti ikufuna antchito, munthu woyamba kugwira makalata amene amabwera kawirikawiri si bwana ayi. Ndi kalaliki. Iye amatsegula maenvulopu, kudinda chidindo cha tsiku lolandirira, ndi kuwunjika makalatawo molingana ndi ntchito imene aliyense akufunsira. Sawerenga nkhani yonse. Maso ake amangofuna kuona kuti kalatayo yachokera kwa yani, yalembedwa liti, ndipo ikunena za ntchito iti. Kalata yosayankha mafunso amenewa pamwamba pomwe imatha kusokera bwana asanaione n'komwe, ngakhale mwini wake ali woyenera ntchitoyo.

Tiyerekeze mtsikana wa ku Zomba amene waona chilengezo choti kampani ina yogulitsa zipangizo zaulimi ku Lilongwe ikufuna wosunga katundu. Wang'amba pepala m'kope nalemba motere:

"Bwana, muli bwanji? Ine ndili bwino. Ndamva kuti kwanuko kuli ntchito. Chonde ndithandizeni, ndine wovutika ndipo ntchito iliyonse ndingagwire. Ndinakhoza MSCE ndipo ndakhala ndikuthandiza m'golosale ya amalume zaka ziwiri. Nambala yanga ya foni ili kuseri."

Kalatayi si yachabe. Muli mfundo ziwiri zamphamvu, satifiketi ndi zaka ziwiri za m'golosale. Vuto ndi lakuti yavala malaya a kalata yamchezo pamene ikupita ku ofesi. Kuikonza sikufuna mawu ozama. Kukufuna kuti chinthu chilichonse chikhale pamalo pake.

Ntchito imayambira pamwamba pa pepala loyera la A4. Apa pamakhala keyala ya wolemba: bokosi la ku positi ofesi ndi tauni, kenaka nambala ya foni ndi imelo ngati ilipo. Nambala ija inabisidwa kuseri ibwere pano, chifukwa kalata ikamatidwa ndi masatifiketi kapena kufotokopedwa, kuseri sikuonedwa. Achinyamata ambiri alibe bokosi laolao, choncho amagwiritsa ntchito la sukulu, la tchalitchi kapena la m'bale wao. Palibe cholakwika, bola pakhale dzina la munthu wolandirira makalatawo, ndipo iyeyo adziwitsidwe kuti kukubwera yankho.

Pansi pa keyala pamadumphidwa mzere umodzi, kenaka tsiku. Mwezi ulembedwe m'mawu, monga 14 Okutobala 2024. Kulemba 03/04/2024 kumasokoneza: ku Malawi zimenezi zitanthauza 3 Epulo, pamene wa ku Amerika aziwerenga kuti 4 Malichi, ndipo mabungwe ambiri olemba anthu ntchito m'dziko muno ali ndi akuluakulu ochokera kunja. Tsiku ndi umboninso woti kalata inalembedwa nthawi yotsekera isanakwane.

Kenaka pabwera keyala ya wolandira, kumanzere. Imayamba ndi udindo wa munthuyo, osati dzina la kampani lokha, ndipo ikopedwe ndendende monga ilili m'chilengezo. Kanambala kotsatira dzina la mzinda si kokongoletsa: `Lilongwe 3` ndi positi ofesi ya ku Capital City, `Blantyre 3` ndi ya ku Chichiri. Kukasiya kanambalako, kalata ingathe kupita ku positi ofesi ina.

Pa malo a keyala ya wolemba pamakhala kukangana. Ambiri anaphunzira ku sukulu kuti iikidwe pamwamba kumanja, pamene makalata ochuluka otayipidwa masiku ano amayambira mizere yonse kumanzere, ndime zosalowetsedwa mkati koma zolekanitsidwa ndi mzere wopanda kanthu. Njira zonse ziwiri ndi zovomerezeka. Choipa ndi kusakaniza, ndime ina yolowa mkati, ina yosalowa, keyala ina ya makoma, ina yopanda. Woyitanitsa mayeso a sukulu atsatidwe monga aphunzitsi anenera. Ku ofesi chofunika ndi kusasinthasintha.

Malonje ndi mawu ochepa: Bwana kapena Mayi, ndipo "muli bwanji, ine ndili bwino" achoke. Izi zimawawa ena, poti mwa ife kuyamba nkhani osalonjera ndi mwano. Koma m'kalata yantchito ulemu umaonekera posamutayitsa nthawi wowerenga.

Tsopano mutu wa kalata, mzere umene mtsikana uja analibiretu, ndipo ndiwo wolemera kuposa yonse. Umakhala pansi pa malonje, m'malembo aakulu kapena odetsedwa, kapena wotsekedwa mzere kunsi ngati kalata yalembedwa pamanja. Wake uyenera kukhala KUFUNSIRA NTCHITO YA WOSUNGA KATUNDU. Mutu wongoti KUFUNSIRA NTCHITO sukwanira, chifukwa kampani imodzi ingalengeze malo a dalaivala, mlonda ndi wosunga katundu m'chilengezo chimodzi, ndiye kalaliki aiika pa mulu uti? Dzina la ntchito likopedwe monga lilili, ndipo ngati chilengezo chili ndi nambala ya malowo, nayo ilembedwe pamutupo. Mutu usapitirire mzere umodzi, usakhale chiganizo chathunthu, ndipo usanyamule pempho. Pali njira yachidule youyesera: phimbani kalata yonse ndi dzanja kusiya mutu wokha, mum'funse mnzanu kuti wolembayu akufuna chiyani. Akachita chibwibwi, mutuwo ulembedwenso.

Mutu ukakhazikika, mawu akuti "ntchito iliyonse ndingagwire" amagwa okha, chifukwa akutsutsana nawo. Mawu akuti "ndine wovutika" achokenso. Ndi oona, ndipo palibe manyazi m'menemo, koma bwana akufuna kudziwa ngati matumba ake a feteleza adzawerengedwa molondola.

Thunthu la kalata limakwana m'ndime zitatu zazifupi. Yoyamba itchule ntchito ndi kumene chilengezo chinaoneka, dzina la nyuzipepala ndi tsiku lake. Yachiwiri ndiyo isandutse "kuthandiza m'golosale" kukhala ntchito zooneka: "Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikulandira katundu wochokera kuwoda, kumulemba m'buku, kuwerengera wotsala kumapeto kwa sabata iliyonse ndi kusunga malisiti." Palibe bodza lawonjezedwa apa, zangotchulidwa zimene anali kuchita kale. Ndime yomaliza inene zimene zamatidwa ku kalatayo, monga CV ndi makope a masatifiketi, ndi kuti wolembayo ndi wokonzeka kubwera kudzafunsidwa mafunso. Masatifiketi enieni asatumizidwe.

Kumapeto, "Ine wanu wokhulupirika," kenaka mpata wa siginecha, ndipo pansi pake dzina lonse lolembedwa momveka, lofanana ndi la pa chiphaso cha unzika ndi pa satifiketi.

Zoona zake n'zakuti malo ambiri a ntchito za m'maofesi ku Malawi amafuna kalata ya m'Chingerezi, ndipo lamulo ndi kuyankha m'chinenero cha chilengezo. Dongosolo silisintha, koma pali msampha umodzi: kalata yoyamba ndi `Dear Sir/Madam` imatsekedwa ndi `Yours faithfully`, pamene yotchula dzina la wolandira imatsekedwa ndi `Yours sincerely`. Yotumizidwa pa imelo isungidwe ngati PDF kuti mizere isasokonekere, ndipo mutu womwe uja ulembedwenso pamalo a `Subject`.

Kalata ya mtsikana wa ku Zomba, itakonzedwa chonchi, ikukwanabe pa tsamba limodzi. Inu amene muli ndi yanu m'kope, musanapite nayo kotayipitsa, ikani chilengezo pambali pake ndi kufananiza keyala, dzina la ntchito ndi tsiku lotsekera, mawu ndi mawu.