Nambala ya m'maloto imaposa bwanji nambala zina?

Tiyerekeze kuti munthu walota malemu agogo ake akumupatsa nkhuku zisanu ndi ziwiri. Kutacha, wabetcha nambala 7 pa mpikisano umene pamatuluka manambala asanu ndi limodzi kuchokera pa 1 mpaka 49. Madzulo ake 7 watulukadi. Ndani angamutsutse?

Choyamba chimene chimamugwira mtima ndi mmene nambalayo yafikira. Sanaisankhe yekha, yabwera ali mtulo, pamodzi ndi nkhope ya munthu amene ankamukonda. Zotere zimamveka ngati uthenga.

Koma masamu alibe chifundo. Pa mpikisano wotere nambala iliyonse imatuluka pafupifupi kamodzi pa maulendo asanu ndi atatu, kaya yalotedwa kaya ayi.

Chinyengo chachikulu chimachitika zotsatira zitatuluka. Kukatuluka 17 kapena 27, wolotayo amati, “Mwaona, 7 alimo.” Kukatuluka 14 amati agogo ankatanthauza kawiri. Manambala okhala ndi 7 (7, 17, 27, 37, 47) alipo asanu, ndipo mwayi woti imodzi mwa asanuwa ituluke ndi pafupifupi theka. Maloto nawonso sakhazikika m'mutu: mawa lake nkhuku zija zikhoza kusanduka zisanu ndi imodzi, iye osadziwa kuti wazisintha. Maloto amene sanaphule kanthu ndiye sawafotokozera munthu, n'chifukwa chake timangomva za opambana.

Katswiri wa maganizo Peter Wason anasonyeza mu 1960 kuti anthu amafunafuna umboni wovomereza zimene akuganiza, osati wozitsutsa. Wofuna kudziyesa alembe nambala imodzi yokha akangodzuka, zotsatira zisanatuluke, ndipo aziwerenganso masiku amene yalephera.