Kusunga imelo kuti ikhale umboni

Tinene kuti bwana analonjeza pa imelo ndalama za ovataimu, tsopano akukana. Ambiri amangojambula sikirini, koma chithunzi sichisonyeza njira imene uthenga unadutsa, ndipo bwana atha kunena kuti n'chopeka.

Mu Gmail, tsegulani uthengawo, dinani timadontho titatu, musankhe "Download message". Mupeza fayilo ya .eml, yosunga adiresi ya wotumiza, tsiku, nthawi, maseva amene uthengawo unadutsamo ndi mafayilo onse amene anabwera nawo. Chitani zimenezi pa uthenga uliwonse paokha, ndi mayankho anu omwe, ngakhale amene simukunyadira nawo, chifukwa ulusi wodukaduka umakayikitsa woweruza.

Musachedwe: tsiku lochotsedwa ntchito, akaunti ya kampani imatha kutsekedwa. Koma tengani zokhudza mkanganowo zokha. Kukokolola zinsinsi za makasitomala kungakubalireni mlandu wina.