Golide wogulitsidwa akadali pansi: malonda amene anagwedeza mgodi wa Ashanti

Lamulungu pa 26 Sepitembala 1999, akuluakulu a mabanki aakulu 15 a maiko a ku Ulaya, ali pa msonkhano mumzinda wa Washington, analengeza kuti kwa zaka zisanu zikubwerazo onse pamodzi sadzagulitsa golide wopitirira matani 400 pa chaka. Anawonjezera kuti golide amene amabwereketsa sadzamuchulukitsanso. Msika unazizimuka. Golide amene miyezi ingapo m'mbuyomo anali atatsika kufika pa madola pafupifupi 253 pa aunsi, mtengo wotsikitsitsa m'zaka makumi awiri, anathamanga n'kudutsa madola 330 m'masiku ochepa chabe.

Eni migodi ambiri anavina. Koma ku Ghana, kampani ya Ashanti Goldfields, mwini wa mgodi wakale wa Obuasi, inagwira njakata. Mtengo wa chinthu chimene inkakumba unali ukukwera, pamene masheya ake anali kugwa, mpaka kutaya pafupifupi theka la mtengo wake. Chinachititsa n'chakuti kampaniyi inali itagulitsiratu golide wochuluka akadali m'miyala pansi pa nthaka.

Malonda oterewa ali ngati a mlimi amene wagwirizana ndi venda mtengo wa thumba chimanga chisanache. Mtengo ukadzagwa pokolola, mlimiyo wapulumuka. Ukadzakwera, phindu lapita kwa venda. Kusiyana kwake n'kwakuti pa golide pamalowa anthu atatu. Mwini mgodi amapangana ndi banki ya malonda kuti pakatha chaka adzapereka maaunsi akutiakuti pa mtengo wakutiwakuti, ndipo aunsi imodzi ndi magalamu pafupifupi 31. Bankiyo sidikira chaka chithe. Imakabwereka golide wofananayo ku banki yaikulu ya dziko lina, kumene amangokhala m'zipinda zotsekedwa, imamugulitsa tsiku lomwelo, ndipo madolawo imawaika poti abale chiwongoladzanja. Chaka chikatha mgodi umabweretsa golide wake, banki n'kubweza kumene inabwereka.

Apa ndi pamene panali nyambo. M'zaka za m'ma 1990, kubwereka golide kunali kotchipa kuposa kubwereka madola. Tiyerekeze kuti golide ali pa madola 300, kumubwereka n'kulipira 2 peresenti pa chaka, pamene madola oikidwa ku banki akubala 6 peresenti. Pakati pamatsala 4 peresenti, yomwe ndi madola 12. Banki ikatapapo kake, mgodi umalonjezedwa mtengo woyandikira madola 312. Pa nthawi imene mitengo inkatsika chaka ndi chaka, amene anagulitsiratu ankalandira ndalama zoposa anzawo, ndipo kampani ya Barrick ya ku Canada inakula kwambiri ndi njira imeneyi. Komabe mgodi uliwonse ukagulitsiratu, golide wobwerekedwa ankathiridwa pa msika lero lomwe, motero migodi inkathandizira kugwetsa mtengo umene inkauthawa.

Pali njira inanso. Mgodi utha kugula ufulu wodzagulitsa golide pa mtengo wosatsika pa malire ena, tinene madola 280. Ufulu wotere amaulipira ngati inshuwalansi, ndipo mtengo ukakwera mgodi sutaya kanthu kupatula ndalama imene unalipirayo. Vuto limabwera poti makampani ambiri safuna kutulutsa ndalama m'thumba, choncho amalipira pogulitsa kwa banki ufulu wina, woti bankiyo idzagule golide wawo pa mtengo wokhazikika, tinene madola 320. Mtengo ukadumpha pamenepo banki imabwera kudzatenga. Mabuku a Ashanti anali ndi mapangano a mitundu yonseyi, ena opiringizika moti ngakhale eni masheya sankatha kudziwa kuti kampani ingataye zingati mtengo utasintha mwadzidzidzi.

Ashanti, motsogozedwa ndi a Sam Jonah, amene anayamba ntchito ya mgodi pansi penipeni ku Obuasi, inali kunyadiridwa mu Africa monse. Mu 1996 masheya ake analowa pa msika wa ku New York. Inkagula migodi m'maiko ena ndipo inali kumanga mgodi watsopano wa Geita ku Tanzania ndi ndalama zangongole. Pofuna kutsimikizira obwereketsa kuti ndalama zidzabwera, inali ndi mapangano okhudza maaunsi pafupifupi 11 miliyoni, pamene pa chaka inkakumba maaunsi pafupifupi miliyoni imodzi ndi theka. Kunena kwina, inali itamangirira golide wa zaka ngati zisanu ndi ziwiri.

Mtengo uli pansi, mapanganowa ankaoneka ngati chuma. Pakati pa chaka cha 1999, akanati athetsedwe tsiku limenelo, mabanki akanalipira Ashanti madola pafupifupi 290 miliyoni. Masamu ake savuta: pa maaunsi 11 miliyoni, mtengo ukasuntha ndi dola imodzi yokha, mapangano asuntha ndi madola pafupifupi 11 miliyoni. Golide atakwera ndi madola oposa 70, mbale inatembenuka, ndipo kumayambiriro kwa Okutobala Ashanti ndiyo inali kumbuyo ndi madola pafupifupi 570 miliyoni.

Kutayika kumeneku kunali kwa papepala. Golide anali akadali pansi, ndipo kampani ikanatha kumukumba pang'onopang'ono n'kumapereka monga mwa pangano. Chimene chinaipachika ndi ndime ya chikole. Mapanganowo ankati ngongole ya papepalayo ikadutsa malire ena, mabanki ali ndi ufulu wofuna ndalama zenizeni nthawi yomweyo. Mabanki 17 anali ndi ufulu woitanitsa madola pafupifupi 270 miliyoni, ndipo Ashanti inalibe ndalama zotere. Miyala ya golide imene ili pansi penipeni ku Obuasi siingasanduke madola pa sabata imodzi.

Zokambirana zinatenga miyezi. Kampani ya Lonmin, imene inali ndi gawo lalikulu la masheya, inafuna kuitenga yonse koma sizinatheke, ndipo boma la Ghana, lomwenso linali ndi masheya, linali ndi mawu ake. Pomaliza mabanki anavomera kusafuna chikole kwa zaka zitatu, posinthana ndi ufulu wodzagula masheya a kampaniyo, zomwe zinachepetsa gawo la eni masheya akale. Mu 2000 Ashanti inagulitsa theka la Geita kwa AngloGold ya ku South Africa, ndipo mu 2004 makampani awiriwa anaphatikizana kukhala AngloGold Ashanti. Kampani ya Cambior ya ku Canada inakodwa mumsampha womwewo mwezi womwewo, ndipo inagulitsa katundu wake wina kuti ipume.

Nanga n'chifukwa chiyani ogula masheya amadana ndi kugulitsiratu ngakhale pamene palibe ngozi ya chikole? Yankho lili m'chimene amafuna pogula sheya ya mgodi. Tiyerekeze migodi iwiri yofanana, uliwonse ukuwononga madola 200 kuti utulutse aunsi imodzi, golide ali pa 300. Phindu ndi madola 100. Golide akakwera ndi 10 peresenti kufika pa 330, mgodi umene sunagulitsiretu phindu lake lafika pa 130, kukwera kwa 30 peresenti. Wachiwiri, umene unamangirira pa 312, ungokhala pa 112. Golide akagwa kufika pa 270, woyamba watsala ndi 70, wachiwiri akadali pa 112.

Choncho kugulitsiratu kumaziziritsa sheya, mbali zonse ziwiri. Katswiri wa zachuma Peter Tufano, atafufuza migodi ya ku North America m'zaka za m'ma 1990, anapeza kuti golide akasuntha ndi 1 peresenti, masheya a migodi ankasuntha ndi pafupifupi 2 peresenti, ndipo kusunthako kunkachepa pa makampani amene anagulitsiratu kwambiri. Munthu amene wagula sheya ya mgodi chifukwa akukhulupirira kuti golide akwera safuna kuziziritsidwa kumeneko. Akaona kuti oyendetsa kampani agulitsa kale phindu limene iye ankaliyembekezera, amapita kwa mgodi wina.

Palinso mbali ina imene imaluma mochedwa. Pangano limamanga mtengo wogulitsira, koma silimanga mtengo wa dizilo, magetsi, zitsulo ndi malipiro. Mgodi umene unalonjeza golide pa madola 312 ukapeza kuti kukumba aunsi kwafika pa madola 350, ukugulitsa moluza pamene anzake akukolola. Choipa koposa ndi mgodi umene walonjeza golide woposa amene ungakumbe, chifukwa umayenera kukagula pa msika kuti ubweze. Kampani ya Sons of Gwalia ya ku Australia inagwa mu 2004 zitadziwika kuti golide amene anali m'migodi yake sakanakwanira mapangano ake.

Barrick inali itachenjera pa chikole: mapangano ake sankalola mabanki kuitanitsa ndalama mwadzidzidzi, ndipo inkatha kusuntha tsiku loperekera golide kwa zaka zambiri. N'chifukwa chake chimphepo cha 1999 sichinaigwetse. Koma kuyambira mu 2001 golide anayamba ulendo wautali wokwera, chiwongoladzanja cha madola chinatsika, nyambo ija n'kuchepa, ndipo eni masheya ankadandaula chaka ndi chaka. Mu Sepitembala 2009, golide ali pafupi ndi madola 1,000, Barrick inalengeza kuti ithetsa mapanganowo, inalemba m'mabuku ake kutayika kwa madola 5.6 biliyoni, ndipo inagulitsa masheya atsopano a madola pafupifupi 4 biliyoni kuti ipeze zolipirira. Eni masheya analipira kawiri: phindu limene linawaphonya, kenako gawo lawo kuchepa chifukwa cha masheya atsopanowo. AngloGold Ashanti inatseka buku lake mu Okutobala 2010, ndipo mu Sepitembala 2011 golide anafika pa madola pafupifupi 1,900.

Masiku ano migodi ikuluikulu yambiri imadzitama kuti siigulitsiratu. Mchitidwewu watsala makamaka kwa makampani ang'onoang'ono amene akumanga mgodi woyamba, poti banki yobwereketsa imafuna kuti gawo la golide wa zaka zoyambirira limangiriridwe mpaka ngongole ithe. Pamenepo ogula masheya nthawi zambiri sakwiya, chifukwa popanda panganolo mgodiwo sukanamangidwa.

Wofuna kudziwa ngati kampani ili pangozi amatsegula lipoti lake la pachaka n'kuyang'ana zinthu zingapo. Amayerekeza maaunsi ogulitsidwiratu ndi amene mgodi umakumba pa chaka: gawo limodzi mwa magawo atatu a golide wa zaka ziwiri ndi nkhani ina, zaka zisanu ndi ziwiri ngati za Ashanti ndi inanso. Amaona mtengo wa panganolo pambali pa mtengo wa lero ndi ndalama zokumbira. Amafufuza ngati kampani inangogula ufulu woiteteza mtengo ukagwa kapena inagulitsanso ufulu kwa mabanki. Kenako amafunafuna mawu onena za chikole, amene kawirikawiri amabisala kumapeto kwa lipoti, m'masamba ofotokozera maakaunti.