Ngongole ya kuntchito: msonkho wobisala m'chiwongoladzanja chimene simunalipire

Wapantchito aliyense amene anayesapo kukabwereka ndalama kubanki amadziwa chifukwa chake ngongole ya kuntchito imakoma. Safuna chikole, sakuyendetsa maulendo, ndipo chiwongoladzanja chake chimakhala chochepa, mwinanso osakhalapo n'komwe. Ndalama imadulidwa kumalipiro mwezi ndi mwezi, munthu n'kumanga nyumba kapena kugula galimoto popanda kugwa m'manja mwa akatapila. Ndi chinthu chabwino, ndipo ndikanakonda mabwana ambiri akanamachita. Koma pali mlendo wina amene amakhala nawo pa mgwirizano umenewu ngakhale sanaitanidwe, ndiye bungwe lotolera msonkho la MRA.

Maganizo a lamulo pankhaniyi ndi osavuta kuwamva. Mukanapita kubanki, mukanalipira chiwongoladzanja chonse. Popeza abwana akubwerekani motchipa, pali ndalama ina imene yatsala m'thumba mwanu, ndipo yatsala chifukwa choti ndinu wantchito wawo. Munthu wongodutsa pamsewu sakanapatsidwa mwayi umenewo. Choncho lamulo limaiona ndalamayo ngati gawo la malipiro, chimodzimodzi nyumba kapena galimoto ya kampani. Ngongole yeniyeniyo siikhomeredwa msonkho, chifukwa mudzabweza. Chimene chimakhomeredwa ndi kusiyana kwa chiwongoladzanja chimene mukulipira ndi chimene mukanalipira pa mlingo wa mabanki ochita malonda.

Msonkho wake ndi umene pamafomu a MRA amaulemba kuti FBT, wa zinthu zimene wantchito amapindula nazo pamwamba pa malipiro. Mlingo wake ndi 30 peresenti. Apa pali mfundo imene ambiri amaisokoneza: ku Malawi msonkho umenewu amalipira ndi wolemba ntchito, osati wantchito. Suli ngati PAYE amene amadulidwa pamalipiro anu. Ku Britain n'kosiyana, chifukwa kumeneko phindu lotere limawonjezeredwa pa ndalama zimene wantchito mwiniwake amakhomera msonkho, ndipo ngongole zosapitirira mapaundi 10,000 saziwerengera. Amene ali ndi abale kumeneko asatengere za kwa eni n'kumaganiza kuti ndi zomwezo kuno. Boma likakhala wolemba ntchito silikhudzidwa ndi msonkhowu, koma makampani ndi mabungwe ena amakhudzidwa.

Tiyeni titenge chitsanzo chongoyerekeza, tichiyende mpaka kumapeto. Kampani ina yabwereka kalaliki wake K6,000,000 kuti amalize nyumba. Agwirizana kuti azibweza K250,000 mwezi uliwonse kwa zaka ziwiri, ndi chiwongoladzanja cha 5 peresenti pachaka. Tiyerekeze kuti pa nthawiyo mlingo wa mabanki ochita malonda uli pa 25 peresenti. Kusiyana kwake ndi 20 peresenti, ndipo nambala imeneyi ndiyo mtima wa masamu onse.

Kawerengedwe kake ndi kamene tinaphunzira kupulayimale pa chiwongoladzanja wamba:

```
V = P × R × T / 100
```

V ndi phindu lokhomeredwa msonkho. P ndi ngongole imene yatsala. R ndi kusiyana kwa milingo iwiri ija. T ndi nthawi, yowerengedwa monga gawo la chaka. Msonkhowu umalipidwa miyezi itatu iliyonse, nthawi imene a maakaunti amaitcha kota, kotero T nthawi zambiri amakhala gawo limodzi mwa magawo anayi a chaka. Makota amenewa amatha kumapeto kwa Juni, Sepitembala, Disembala ndi Malichi.

Kota yoyamba ndiyo imafuna kusamala, chifukwa ngongole siiperekedwa kawirikawiri pa tsiku loyamba la kota. Tinene kuti kalaliki wathu analandira ndalamayo m'katikati mwa Epulo, kutatsala masiku 73 kuti Juni athe. Pamenepa sitigwiritsa ntchito kota yathunthu, koma masiku 73 mwa masiku 365. Pachaka chonse, 20 peresenti ya K6,000,000 ndi K1,200,000. Masiku 73 ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a chaka, ndiye phindu lake ndi K240,000. Msonkho ndi 30 peresenti ya ndalama imeneyi, K72,000. Kampani iyenera kupereka fomu ndi kulipira pasanathe masiku 14 kota itatha, kutanthauza pofika pa 14 Julayi.

Onani bwino manambala awiriwo, pakuti apa ndi pamene anthu amakanganirana m'maofesi. K240,000 si msonkho. Ndi ndalama imene wantchito wapulumutsa posapita kubanki. Msonkho ndi K72,000 yokha.

Pofika kumapeto kwa Juni, kalalikiyu wabweza kawiri, mu Meyi ndi mu Juni, K500,000 yonse pamodzi. Yatsala K5,500,000, ndipo tiwerengera pa imeneyi. 20 peresenti yake ndi K1,100,000 pachaka. Tikagawa panayi tikupeza K275,000. Msonkho wake ndi K82,500, wolipidwa pofika pa 14 Okutobala. Wakwera poyerekeza ndi woyamba uja, osati chifukwa ngongole yakula, koma chifukwa tsopano tawerengera miyezi itatu yathunthu. Kuchokera apa umayamba kutsika. Kota ya Okutobala mpaka Disembala ikuyamba ndi K4,750,000, msonkho wake K71,250. Ya Januwale mpaka Malichi ikuyamba ndi K4,000,000, msonkho wake K60,000. Tikaphatikiza makota anayiwa, kampani yapereka ku MRA K285,750 pa ngongole imodzi ya munthu mmodzi.

Ndalama imeneyi si yochepa, ndipo ndi imene mabwana ambiri saiganizira pamene akusayina kalata ya ngongole. Amaona kuti ndalama yawo idzabwerera yonse, n'kumati palibe chimene ataya. Komatu msonkhowu subwerera, ndiponso kampani siiloledwa kuuchotsera pa phindu lake pamene ikuwerengera msonkho wake wa pachaka. Ngongole ikanakhala yopanda chiwongoladzanja chilichonse, R akanakhala 25 yense, ndipo pa kota yachiwiri ija msonkho ukanakhala K103,125 m'malo mwa K82,500. Mtima wabwino wa abwana ukamakula, msonkho nawonso umakula.

Pali njira yachidule yodziwira ngati wa maakaunti sanaphonye. Tengani kusiyana kuja, muchulukitse ndi 30 peresenti, mugawe panayi. Pachitsanzo chathu, 30 peresenti ya 20 ndi 6, ndipo 6 kugawa panayi ndi 1.5. Ndiye kuti pa kota yathunthu iliyonse, msonkho uyenera kukhala 1.5 peresenti ya ngongole yotsala. Yesani pa K4,000,000, mupeza K60,000 yomwe ija. Mukaona kuti msonkho wa ngongoleyi ukungokhala womwewo kota ndi kota pamene munthu akubweza, dziwani kuti wina akuwerengerabe pa K6,000,000 yoyamba ija. Akatero amalipira K90,000 pamalo pa K60,000, kutaya ndalama ya kampani popanda chifukwa. Ena amaiwala kuchotsa 5 peresenti imene wantchito akulipira kale, n'kuwerengera ngati ngongoleyo ndi yaulere.

Cholakwa choopsa kwambiri ndi cha mbali inayo, kulipira zochepa. Chimabwera makamaka pa mlingo wa mabanki. Mlingo umenewu suima malo amodzi. Banki Yaikulu ikasintha wake, mabanki enawa amatsatira. Chiwongoladzanja cha kuntchito chimakhala chomwecho chimene munagwirizana, koma kusiyana kuja kumasuntha. Wa maakaunti amene analemba 25 pa tsiku loyamba n'kumangokopera chaka chonse adzapeza kuti anapereka zosakwanira ngati mlingo unakwera pakati. Nzeru yake ndi kutsimikiza mlingo woyenera kota iliyonse asanadzaze fomu pa Msonkho Online, ndi kusunga umboni wa kumene anautenga. Kuchedwa kulipira kuli ndi chilango cha 20 peresenti ya msonkhowo, ndipo a MRA akabwera kudzafufuza mabuku amabwerera m'mbuyo, kota ndi kota.

Tsono si ndalama iliyonse yobwerekedwa kuntchito imene imagwa mu msonkho umenewu, ndipo apa lamulo linaganizira moyo umene tikukhala. Adivansi ya sukulu, ya lendi, ya katundu wa m'nyumba monga mipando ndi mabedi, ndiponso ya maliro siikhomeredwa. Koma pali malire awiri, ndipo onse ayenera kukwaniritsidwa: isapitirire malipiro a miyezi itatu asanadulidwe kalikonse, komanso ibwezedwe pasanathe miyezi 12. Mayi wolandira K400,000 pamwezi akatayikidwa kholo, kampani ikhoza kumupatsa mpaka K1,200,000 popanda chiwongoladzanja ndi popanda msonkho, bola abweze m'chaka chimodzi. Ikamupatsa K1,500,000, kapena ikamumvera chisoni n'kunena kuti azibweza kwa miyezi 18, ndalamayo yasanduka ngongole wamba ndipo masamu aja ayamba. Adivansi yogulira feteleza kapena njinga yamoto siili pa mndandanda umenewu, ngakhale itatchulidwa dzina loti adivansi pa pepala. Chofunika ndi ntchito ya ndalamayo, kukula kwake ndi nthawi yobwezera. N'chifukwa chake kalata yopempha iyenera kunena mosabisa kuti ndalamayo ndi ya chiyani.

Kukhululuka ngongole ndi nkhani inanso. Tibwerere kwa kalaliki uja. Pofika kumapeto kwa Malichi watsala ndi K3,250,000. Tinene kuti abwana, pokondwa ndi ntchito yake, akuti, "Basi, yotsalayo musabwezenso." Pamenepo sitikukambanso za chiwongoladzanja. Ndalama yonse yotsalayo yakhala phindu, ndipo 30 peresenti yake ndi K975,000, yolipidwa kota imeneyo ikangotha. Mawu amodzi okha olankhulidwa paphwando la kampani angadye pafupifupi K1 miliyoni.

Ine ndimaona kuti msonkho umenewu ndi wachilungamo pa maziko ake. Pakanapanda iwo, akuluakulu a makampani akanamadzilipira kudzera m'ngongole zikuluzikulu zopanda chiwongoladzanja, pamene mlonda ndi mesenjala akudulidwa PAYE pa malipiro awo. Chimene chimandipweteka ndi kuona kampani ikuthetsa ngongole za antchito onse itadzidzimutsidwa ndi bilu ya MRA, pomwe ikanawerengera poyamba ikanapeza kuti mtengo wake ndi wopiririka. Ngakhale ndi msonkho, ngongole yathu ija yamupulumutsira kalaliki K952,500 m'makota anayi, pamene kampani yapereka K285,750.

Kwa inu abwana, musanasayine, uzani wa maakaunti akulembereni msonkho wa kota iliyonse mpaka ngongole idzathe, ndipo muuike m'bajeti. Kwa inu antchito, sungani kalata ya mgwirizano, ndipo mukaona pa pepala la malipiro kuti mwadulidwa ndalama yolembedwa FBT, kafunseni ku ofesi ya maakaunti, chifukwa amene lamulo limamulamula kulipira msonkho umenewu ndi wolemba ntchito.