Nkhodolero M'Chingerezi: Pomwe Imafunika ndi Pomwe Imangosokoneza

Aliyense wolemba Chichewa amaidziwa nkhodolero, ngakhale amene dzina lake analiiwalira ku pulayimale. Ndi kachizindikiro kokhota kaja kokhala pamwamba m'mawu ngati m'nyumba, m'mawa ndi n'kovuta. Tikalemba kuti m'nyumba, nkhodolero yaima pomwe panali u wa mu. Tikalemba kuti n'kovuta, yaima pomwe panali di wa ndi. Imatithandizanso kusiyanitsa liwu loyamba la ng'ombe ndi la ngolo. Koma kachizindikiro komweka tikakatengera ku Chingerezi, manja amayamba kunjenjemera. Timakaika pomwe sikafunika, n'kukasiya pomwe kakufunika, ndipo zolakwazo zimakaonekera m'makalata ofunsira ntchito, pa zikwangwani za magolosale ndi m'mayeso a MSCE, omwe munthu salandira satifiketi yake ngati sanakhoze Chingerezi.

Gwero la vutoli ndi lakuti m'Chingerezi nkhodolero ili ndi ntchito ziwiri, ndipo ife tinazolowera imodzi yokha.

Ntchito yomwe tinaizolowerayo ndi yosonyeza kuti malembo ena achotsedwa. Mngerezi akamayankhula mwachangu, *do not* imakhala *don't*, *I am* imakhala *I'm*, *we will* imakhala *we'll*, ndipo *let us* imakhala *let's*. Lamulo lake ndi lomwe lija la m'nyumba: nkhodolero imakhala pamalo enieni pomwe pachoka lembo, osati pomwe mawu awiriwo alumikizana. Ndi chifukwa chake *did'nt* ndi *is'nt* ndi zolakwa, chifukwa lembo lomwe lachoka ndi *o* wa *not*, ndipo malo ake ali pakati pa *n* ndi *t*. Mawu odziwika amene amaoneka ngati aphwanya lamuloli ndi *won't*, omwe amaimira *will not* koma anachokera ku katchulidwe kakale ka mneniyu, kamene kanali ndi *o*. Mawu ofupikitsidwawa ndi abwino m'kalata ya kwa mnzanu, koma m'kalata yofunsira ntchito kapena m'chimangirizo cha pa mayeso ndi bwino kulemba mawu athunthu.

Ntchito yachiwiri ndiyo yachilendo kwa ife: kusonyeza umwini. M'Chichewa umwini uli ndi timawu take. Timati njinga ya Chikondi, buku la mphunzitsi, ana a mfumu, ndipo chinthucho chimatsogola, mwini wake n'kubwera pambuyo. Chingerezi chimatembenuza. Mwini amatsogola, amalandira nkhodolero ndi *s*, kenako chinthucho: *Chikondi's bicycle*, *the teacher's book*. Kalembedwe aka kali ndi mbiri yake. M'Chingerezi chakale kwambiri, mayina ambiri ankasonyeza umwini polandira *es* kumapeto. Pang'onopang'ono *e* uja anasiya kumveka, ndipo nkhodolero, yomwe osindikiza mabuku a ku England anaitengera kwa anzawo a ku France m'zaka za m'ma 1500, inadzakhala chizindikiro cha umwiniwo.

Apa pali njira imodzi yomwe siphonya, ndipo ndikanakonda mphunzitsi aliyense akanayamba nayo m'malo mwa kuloweza malamulo atatu kapena anayi. Musayambe ndi kufunsa kuti nkhodolero ikhale kutsogolo kapena kumbuyo kwa *s*. Yambani ndi kufunsa kuti mwini wake ndani. Lembani dzina la mwiniyo lathunthu, monga momwe lilili, kenako ikani nkhodolero pamapeto pake penipeni. Ngati dzinalo silithera ndi *s* wochulukitsa, onjezani *s*. Ngati lili naye kale, mwamaliza.

Tiyese. Mwini ndi mnyamata mmodzi, *boy*. Nkhodolero ibwera pambuyo pa *y*, n'kuonjezera *s*: *the boy's shoes*. Eni ndi anyamata ambiri, *boys*. Nkhodolero ibwera pambuyo pa *s*, ndipo palibenso choonjezera: *the boys' shoes*. Pakamwa mawu awiriwa amamveka chimodzimodzi, koma papepala oyamba akunena za nsapato za mnyamata mmodzi, achiwiri za anyamata angapo. Kalendala yathu ili ndi chitsanzo chabwino. Tsiku la 3 Malichi, lomwe timakumbukira anthu ophedwa pomenyera ufulu, makamaka a mu 1959, limalembedwa *Martyrs' Day*, nkhodolero ili kumapeto, chifukwa ofera dzikowo anali ambiri. Tchalitchi chachikulu cha pa chilumba cha Likoma ndi *St Peter's Cathedral*, chifukwa Petulo woyera ndi mmodzi.

Njira yomweyi imathetsa vuto la mawu ngati *children*, *women*, *men* ndi *people*. Mawuwa ndi ochulukitsa kale, koma sathera ndi *s*, choncho amalandira zonse ziwiri: *children's ward*, *women's group*, *people's choice*. Wolemba *childrens'* akutiuza kuti eni ake ndi *childrens*, mawu omwe m'Chingerezi mulibe. Imeneyi ndiyo njira yodzigwirira nokha: phimbani ndi chala nkhodolero ndi zonse zili kumanja kwake, muone ngati chotsalacho ndi mwini amene mukumunena.

Pa mayina a anthu othera ndi *s*, monga Agnes, James ndi Charles, akatswiri a kalembedwe sagwirizana. Ena amalemba *James's car*, ena *James' car*, ndipo zonse n'zovomerezeka malinga ngati simukusinthasintha m'kalata imodzi. Ine ndimatsata khutu: ngati potchula ndikumva *s* wachiwiri, ndimamulemba. Nthawi nayo imatengedwa ngati mwini, ndipo ogwira ntchito m'maofesi amakumana nazo kawirikawiri: *a day's pay* ndi malipiro a tsiku limodzi, *two weeks' notice* ndi chidziwitso cha masabata awiri.

Chomwe nkhodolero sichita ndi kuchulukitsa. Chikwangwani cholembedwa *Egg's for sale* kapena *We repair phone's* chalakwa, chifukwa palibe lembo lachoka ndipo mazirawo kapena mafoniwo alibe chinthu chomwe akunenedwa kuti ndi chawo. Ndi *eggs* ndi *phones* basi. Banja la a Banda ndi *the Bandas*, ndipo nkhodolero imabwera pokhapokha tikanena za nyumba yawo, *the Bandas' house*. Kulakwa kumeneku si kwa ife tokha. Ku Britain n'kofala kwambiri pa zikwangwani za ogulitsa masamba ndi zipatso, moti anakupatsa dzina lakelake, ndipo mu 2001 mtolankhani wina wopuma, John Richards, anayambitsa bungwe loteteza nkhodolero chifukwa cha zolakwa zoterezi.

Tsopano tifike pa *its* ndi *it's*, pomwe amagwa ngakhale odziwa Chingerezi bwino. Chopweteka n'chakuti wolakwayo amakhala ataganiza molongosoka. Waphunzira kuti mchira wa galu ndi *the dog's tail*, ndiye akachotsa *dog* n'kuikapo *it*, nzeru zimamuuza kuti alembe *it's tail*. Koma alowam'malo osonyeza umwini satsata lamulo la mayina. Palibe amene amalemba *hi's*. Mawu akuti *his*, *hers*, *ours*, *yours* ndi *theirs* ali ndi umwini m'kati mwawo, ndipo *its* ndi wa banja lomwelo. Nkhodolero ya mu *it's* ndi ya ntchito yoyamba ija, yosonyeza malembo ochotsedwa, ndipo mawuwa amaimira zinthu ziwiri zokha: *it is* kapena *it has*. *It's raining* ndi *it is raining*. *It's been a long day* ndi *it has been a long day*.

Chisokonezochi n'chakale. Mawu akuti *its* ndi achichepere m'Chingerezi, anayamba kuoneka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500. Asanabwere, *his* ankagwira ntchito pa anthu aamuna ndi pa zinthu zomwe, ndipo Baibulo la King James la 1611 linkatsatabe njira yakaleyo. Kwa zaka pafupifupi 200 olemba ophunzira bwino ankalemba *it's* posonyeza umwini, mmodzi mwa iwo Thomas Jefferson wa ku America. Lamulo lomwe tili nalo linakhazikika m'zaka za m'ma 1800, koma linakhazikikadi, ndipo lero wochonga mayeso kapena wowerenga kalata yanu sakupatsani mpata wofotokoza mbiri.

Pali mayeso awiri achidule. Oyamba ndi kutambasula: paliponse mwalemba *it's*, werengani mokweza kuti *it is*, kenako *it has*. Zonse zikakana, chotsani nkhodolero. Achiwiri ndi mwayi wa ife oyankhula Chichewa. Nenani chiganizocho m'chinenero chathu, ndipo mukamva wake, yake, chake, lake kapena zake, mawu ofunika ndi *its*. Kutambasula kumathandizanso pa *who's* ndi *whose*, *you're* ndi *your*, *they're* ndi *their*, chifukwa pawiri paliponse, mawu okhala ndi nkhodolero ndi ofupikitsidwa, ndipo opanda nkhodolero ndi a umwini.

Tiyerekeze kuti mlembi wa pasukulu ina walemba chidziwitso ichi: *The school has changed it's uniform. All parent's must meet at the girl's hostel on Friday. Its important to bring your childrens' report cards.* Muli zolakwa zisanu, ndipo chilichonse chimagwidwa ndi zomwe tanena.

M'chiganizo choyamba, kutambasula kukutipatsa *changed it is uniform*, zomwe sizikumveka. M'Chichewa tikuti sukulu yasintha yunifolomu yake, choncho ndi *its uniform*. M'chachiwiri, makolo sakunenedwa kuti ali ndi kanthu, angochuluka chabe, ndiye ndi *parents*. Pa *girl's hostel*, phimbani ndi chala: chotsala ndi *girl*, mtsikana mmodzi, chikhalirecho malo ogonawo ndi a atsikana onse. Eni ndi *girls*, ndipo tilemba *girls' hostel*. Chiganizo chachitatu chalakwa mbali ina. Apa mlembi akufuna kunena kuti n'kofunika, *it is important*, ndipo monga n'kofunika wathu alili ndi nkhodolero, *It's important* nayenso ikufunika, ngakhale kuti pa chidziwitso chopita kwa makolo *It is important* ingakhale bwino koposa. Pomaliza, eni a malipoti ndi *children*, choncho ndi *children's report cards*.

Chenjeraninso ndi foni ndi kompyuta. Foni zambiri zimasintha zokha *its* kukhala *it's* mukamalemba, ndipo pulogalamu yoona masipelo nthawi zambiri imalola *girl's* ndi *girls'* kudutsa, popeza onse ndi mawu olondola ndipo siidziwa kuti atsikanawo ndi angati. Musanatumize kalata kapena kupereka mawu kwa wolemba chikwangwani, imani pa nkhodolero iliyonse n'kuifunsa kuti yaimira lembo liti lochotsedwa, kapena mwini uti. Ikalephera kuyankha mafunso onse awiri, ifufuteni.