Chifukwa chake 500 ndi 16% sizikwana 580 pa kompyuta

Ntchito yanga ndi yosunga mabuku a ndalama, ndipo ambiri amene amandibweretsera mabuku awo ndi a kuno ku Kuku ndi ku Chawama: eni tuntemba, ogulitsa ufa ndi saladi, ndiponso alembi a magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama. Akangoyamba kugwiritsa ntchito Excel, dandaulo lawo limakhala limodzi: "Kompyutayi ikunama." Sinama ayi. Vuto ndi lakuti siwerenga fomula motsatira mzere, kuchokera kumanzere kupita kumanja. Ili ngati wogawa nsima pamaliro: amayamba ndi akuluakulu, ngakhale akhale kumapeto kwa mphasa.

Mu Excel, wamkulu pa onse ndi kachizindikiro ka - kamene kaima kutsogolo kwa nambala kusonyeza kuti ili pansi pa ziro. Kenako pamabwera %, kenako ^, kenako kuchulukitsa ndi kugawa, ndipo kuphatikiza ndi kuchotsera kumakhala komaliza. Koma chimene chili m'mabulaketi chimadumpha onsewa, monga tinaphunzirira mu BODMAS kusukulu.

Tiyambe ndi peresenti. Msonkho wa VAT kuno ku Zambia ndi 16%. Tiyerekeze kuti katundu ndi wa K500 msonkho usanaikidwepo. Pa makakyuleta ambiri a pafoni, mukalemba 500 + 16% mumapeza 580, chifukwa foni imaganiza kuti mukunena 16% ya 500 ija. Excel siganizira munthu. Kwa iyo, % amangotanthauza kugawa ndi 100, choncho 16% ndi 0.16 basi.

```
=500+16%        500.16
=500*(1+16%)    580
```

Mzere woyambawo wawonjezera mangwee 16 okha m'malo mwa K80. Wachiwiriwo, mabulaketi ayamba apanga 1.16, kenako 500 yachulukitsidwa ndi 1.16.

Pobwerera m'mbuyo ndi pamene ambiri amagwa. Lisiti likusonyeza K580, msonkho uli momwemo, ndipo mukufuna kudziwa mtengo wopanda msonkho. Ambiri amachotsa 16% pa 580 n'kupeza K487.20. Imeneyi ndi yolakwika, chifukwa msonkho unawerengedwa pa 500, osati pa 580. Muyenera kugawa, ndipo mabulaketi asasowe:

```
=580/(1+16%)    500
=580/1+16%      580.16
```

Mukawachotsa, kugawa kumayamba: 580 kugawa ndi 1 ndi 580 yomweyo, kenako 0.16 imangomatidwa pamwamba.

Zimachitikanso pofuna kudziwa mmene mtengo wakwerera. Tinene kuti thumba la ufa linali K250 ndipo tsopano ndi K300. Mukalemba `=300-250/250`, Excel iyamba ndi 250/250, ipeza 1, ndipo yankho likhala 299. Mukadina batani la %, muona 29900%. Yoona ndi `=(300-250)/250`, imene ipereka 0.2, kutanthauza 20%.

Kachizindikiro ka - kali ndi ntchito ziwiri, ndipo apa mpamene pagona msampha. Kakakhala pakati pa manambala awiri, ndi kochotsera ndipo kamadikira mpaka kumapeto. Kakakhala kutsogolo kwenikweni, Excel imakamata ku nambalayo isanachite china chilichonse.

```
=-3^2      9
=0-3^2     -9
=-(3^2)    -9
```

Mzere woyamba, Excel yatenga -3 n'kuichulukitsa ndi -3, n'chifukwa chake yapeza 9. Koma m'buku la masamu ndi pa kakyuleta ya sayansi, -3² ndi -9, chifukwa kumeneko mphamvu ya 2 imayamba. Mwana wa sekondale amene akujambula girafu ya y = -x² ndi `=-A2^2` adzaona ikuyang'ana kumwamba m'malo moyang'ana pansi. Alembe `=-(A2^2)`.

Kwa wamalonda, msampha wa - ndi wina. Ngati lendi mwailemba -800 mu B2 posonyeza kuti ndalama yatuluka, ndipo zogulitsa ndi 3000 mu A2, fomula ya `=A2-B2` ipereka 3800, osati 2200. Kuchotsera nambala imene ili kale pansi pa ziro n'chimodzimodzi kuwonjezera, ndipo apa mabulaketi sangakupulumutseni. Sankhani chimodzi: kulemba zotuluka zonse ndi - n'kumaphatikiza, kapena kuzilemba popanda - n'kumachotsera.

Lamulo limene ndimapatsa alembi a magulu ndi ili: paliponse pamene kuphatikiza kapena kuchotsera kuyenera kuchitika musanachulukitse kapena kugawa, ikani mabulaketi. Mabulaketi owonjezera salipiritsa. Ndipo musanakokere fomula m'mizere ya mamembala onse, iyeseni ndi ngongole ya K100, imene yankho lake mukulidziwa pamutu. Ngati chiwongoladzanja ndi 10% ndipo sikutuluka 110, konzani pomwepo, tsiku logawana ndalama lisanafike.