Kugulitsa Kabuku pa Intaneti: Ndalama Ifike Kaye, Fayilo Pambuyo

Wogulitsa chimanga akapereka thumba, thumbalo limapita kwa munthu mmodzi. Fayilo siitero: amene waigula angathe kuitumiza ku gulu la WhatsApp, anthu mazanamazana n'kuilandira ulere. Choncho wogulitsa kabuku pa intaneti asamale zinthu ziwiri: malipiro ndi njira yoperekera fayiloyo.

Tiyerekeze mlimi amene walemba kabuku ka masamba 20 konena za kaweredwe ka nkhuku, ndipo akukagulitsa pa K3,000. Akasunge ngati PDF, chifukwa fayilo yotere imaoneka chimodzimodzi pa foni iliyonse. Potsatsa malonda, aonetse chikuto ndi masamba awiri okha.

Wogula akanena kuti walipira, mlimiyo asakhulupirire chithunzi cha uthenga wa malipiro, pakuti akamberembere amapanga mauthenga abodza. Uthenga wochokera ku nambala wamba ya munthu, osati ku kampani ya foni, ndi chizindikiro cha chinyengo. Aone yekha ndalama zotsala poyimba *211# ngati ali pa Airtel Money, kapena *444# pa TNM Mpamba. Ngati anali ndi K10,000, tsopano pakhale K13,000. Zikapanda kukwera, fayilo isachoke.

Malipiro akatsimikizika, akonze kope la wogulayo polemba dzina lake m'munsi mwa tsamba lililonse. Dzinalo sililetsa kukopera, koma munthu amachita manyazi kufalitsa kabuku kokhala ndi dzina lake, ndipo kakapezeka pa gulu, gwero lake limadziwika.

Kenaka aike kopelo pa Google Drive, asankhe Share, alembe imelo ya wogula ndi kumupatsa udindo wa Viewer. Pa General access pakhale Restricted. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: amasankha Anyone with the link, zimene zimalola aliyense wolandira linkiyo kutsegula fayilo. Kuti mutsimikize, tumizani linki kwa mnzanu amene simunamulembe. Ikamutsegukira, chitseko sichinatsekedwe.

Google Drive imalolanso kuletsa wogula kutsitsira fayilo mu foni yake. Koma mukatero, iye adzafunika bandulo pafupifupi nthawi iliyonse akafuna kuwerenga, zomwe n'zolemetsa kumene netiweki imavuta. Pa kabuku ka K3,000, kulola kutsitsa kope lokhala ndi dzina kumakhala kwanzeru. Ndipotu palibe loko amene angaletse munthu kujambula tsamba ndi foni ina.

Lembani m'kaundula tsiku, dzina la wogula ndi nambala ya malipiro, kuti wotaya foni mumutumizirenso popanda mkangano. Gulitsani zolemba zanu zokha, pakuti lamulo loteteza ntchito za alembi la 2016 limaletsa kugulitsa buku la mwini popanda chilolezo. Lamulo lomwelo likutetezanso kabuku kanu.